Mabaraka otseka m'dzinja: lendi ya nthawi yokolola ikuthamangitsa amalonda

Mvula ikangokhazikika, misika ya m'malire monga ya ku Ulongwe, Domwe, Tsangano ndi Biribiri imasintha nkhope. Mabaraka amene ankadzaza anthu mu Juni ndi Julayi amayamba kuoneka ndi maloko pazitseko, ndipo pofika Epulo m'menemo mumalowa anthu ena atsopano. Eni mabaraka amadandaula kuti obwereka amathawa ndi ngongole. Amalonda nawo amati lendi ndiyo imawathamangitsa. Mbali zonse zikunena zoona, koma gwero la vutoli ndi limodzi: mtengo wa lendi umaikidwa poyang'ana miyezi ya ndalama, ngati kuti chaka chonse ndi nthawi yokolola.

Wamalonda wa mumsika amalipira kawiri. Pali senya, kachiphaso ka tsiku ndi tsiku kamene amadula kobiradolo wa munisipiyo, kapena wa boma la disitiritu kumene kulibe munisipiyo. M'tauni ngati Ulongwe mitengo ya msonkho wotere imavomerezedwa ndi Asembuleya ya munisipiyo, ndipo munthu sangainenerere. Kenako pali lendi ya pamwezi, yolipira kwa amene anamanga baraka. Iyi ndi ya mgwirizano wa anthu awiri, ndipo ndi pamene mikangano imabadwira.

Ndalama za m'madera ano zimayenda ndi munda. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala alimi amagulitsa chimanga, nyemba, soya, mbatata ya kachewere ndi fodya, ndipo wogulitsa sopo, shuga ndi zitenje amaona makasitomala. Kuyambira Novembala ndalama zimapita ku feteleza, mbewu ndi aganyu. Pofika Januwale mabanja ambiri amagula mchere ndi mafuta a pang'ono basi.

Tiyerekeze ndi baraka limodzi la golosale, ndi mitengo yongopereka chitsanzo. Mwini wake waika lendi ya mametikali 1,500 pamwezi, ndipo m'mutu mwake wawerengera kale 18,000 pachaka. Wobwereka walowa mu Epulo. Nthawi yokolola amapeza phindu la mametikali 200 patsiku, ndipo akatsegula masiku 26 pamwezi ndiye kuti wapeza 5,200. Lendi amalipira mosadandaula. Koma m'dzinja phindu latsika kufika pa 60 patsiku, kutanthauza 1,560 pamwezi. Akachotsapo senya ya mametikali 10 patsiku, yomwe ndi 260 pamwezi, watsala ndi 1,300. Ndalamayi siikukwana ngakhale lendi yokha. Munthu wotere sachitira mwina: amadumpha mwezi wa Disembala, kenako amasamutsa katundu usiku n'kukayala pansi m'mbali mwa msewu kapena kubwerera kumunda.

Tsopano tiwerenge za mwini baraka. Walandira lendi ya miyezi 8 yokha, kuyambira Epulo mpaka Novembala, yomwe ndi 12,000. Ya Disembala yapita ndi wothawayo. Januwale, Febuluwale ndi Malichi baraka lili chitsekere, chifukwa palibe amene amayamba golosale m'nyengo ya njala. Pamwamba pa izi agule loko wina ndi kukonza mashelefu.

Mwini barakayo akanagawa chaka pawiri, zinthu zikanakhala zina. Miyezi 6 ya ndalama, Meyi mpaka Okutobala, lendi ikhale 1,500, zomwe zikupereka 9,000. Miyezi 6 inayo lendi itsike kufika pa 800, zomwe zikupereka 4,800. Pachaka walandira 13,800, kuposa 12,000 uja ndi 1,800. Wobwerekanso mu Januwale akalipira senya ndi lendi amatsala ndi 500. Ndi yochepa, koma ikumupatsa chifukwa chotsegulabe chitseko ndi kusunga makasitomala ake mpaka zokolola zitafika. Choncho funso loyenera poika lendi si lakuti baraka la pafupi likulipiritsa zingati mu Julayi, koma lakuti wamalonda angakwanitse zingati mu Januwale.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Si malonda onse amene amagwa m'dzinja. Wogulitsa mbewu ndi feteleza amapeza bwino kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Wogulitsa makope ndi mayunifolomu amadikira kutsegulira kwa sukulu kumayambiriro a chaka, ndipo wogulitsa chimanga ndi ufa amaona makasitomala ambiri m'miyezi ya njala. Miyezi yotsitsa lendi iyenera kutsatira katundu amene ali m'barakamo. Malo nawonso amawerengedwa: baraka la pakhomo la msika kapena pafupi ndi pamene amaima mashapa silingafanane mtengo ndi la kumapeto, pafupi ndi dzala.

Zizindikiro zoti lendi yalakwika zimaoneka msanga. Baraka likasintha anthu kawiri kapena katatu pachaka, kapena wobwereka akayamba kulipira pang'onopang'ono mashelefu akunka napepuka, lendi yakwera kuposa malonda. Koma wobwereka akamabwereketsanso barakalo kwa wina pa mtengo wokwera, ndiye kuti lendi yatsika kwambiri ndipo phindu likudyedwa ndi wapakati.

Kumalire kuli vuto lina la ndalama ziwiri. M'misika ya m'mphepete mwa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, monga ku Lizulu, kwacha ndi metikali zimayendera limodzi. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Amene ankagulitsa m'makwacha koma n'kumalipira lendi m'mametikali anapezeka kuti lendi yawakwerera ngakhale mwini baraka sanawonjezere kanthu, ndipo eni amene ankalandira makwacha anaona ndalama yawo itachepa mphamvu. N'chifukwa chake mgwirizano uyenera kutchula ndalama imene idzagwiritsidwe ntchito, osati chiwerengero chokha.

Ngakhale lendi ikhale yabwino, anthu adzachokabe, ndipo kuchoka kwawo kumafuna dongosolo. Wolowa asiye chikole cha mwezi umodzi, chimene pa Chipwitikizi amati kausau, ndipo chibwezedwe akamatuluka ngati sanaononge kanthu. Wofuna kuchoka, kapena mwini wofuna kukweza lendi, anene kutatsala mwezi wathunthu. Zonsezi zilembedwe papepala pamaso pa shefi wa msika, pamodzi ndi mmene zilili zitseko, malata ndi mita ya magetsi. Kulipira kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kumasiya uthenga pafoni, umene umathandiza pakabuka mkangano.

Palinso nkhani ya “kugula malo”. Ku Mozambiki nthaka ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa. Malamulo Aakulu a dziko ndi lamulo la nthaka la 1997 amanena zimenezi. Wochoka angagulitse malata, matabwa ndi katundu wake, koma osati malo a mumsika. Amene wapereka ndalama popanda kusintha dzina m'kaundula wa oyang'anira msika akhoza kufunsidwa ngongole za amene analipo kale, kapena kuchotsedwa tsiku limene msika ukukonzedwa.

Apa ndi pamene munisipiyo ndi maboma a madisitiritu ali ndi mbali yawo. Baraka lotseka silidula senya, choncho thumba la msika nalonso limaluza. Kaundula wodziwika wa mabaraka opanda anthu ndi mndandanda wa amene akudikira malo, zopachikidwa pa ofesi ya msika, zingafupikitse nthawi imene baraka limakhala chitsekere ndi kuchepetsa mpata wa ziphuphu. Kwa eni mabaraka, nthawi yokambirana ndi obwereka ndi Okutobala, ndalama zikadali m'manja, osati Januwale loko atapachikidwa kale.