Tisamangolalata pa WhatsApp, tilembere khonsolo itionetse mavocha

Pafupifupi mudzi uliwonse ku Phalombe uli ndi gulu la pa WhatsApp la ana a kumudzi, ena ali ku Blantyre, ena ku Joni. Wina akangoponyamo chithunzi cha kamlatho kosatha kapena chipinda chophunzirira chopanda denga, mauthenga amachita kusefukira. "Ndalama zinadyedwa izi." "Akuba okhaokha." Pofika madzulo mabandulo atha, mkwiyo waphwa, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene akudziwa kuti ntchitoyo inali ya ndalama zingati, anapatsidwa ndani, nanga walipidwa kale zingati.

Ine ndikuti tisinthe kachitidwe. Mayankho a mafunso atatu amenewa ali m'mafayilo ku khonsolo, ndipo lamulo limatilola kuwapempha.

Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Lamulo lotambasula ufuluwu, lomwe ambiri amangoti ATI, linavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016, linasainidwa mu 2017, koma linadzayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lamuloli limakhudza makhonsolo onse, ya Phalombe ili momwemo. Ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi ofisala wolandira mapempho otere, ndipo bungwe la MHRC, loona za ufulu wa anthu, ndi limene limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Simufunika kukhala mtolankhani kapena loya. Mlimi wa nandolo wa kwa Nazombe ali ndi ufulu womwewo umene ine ndili nawo.

Ndalama zake si zamasewera ayi. Thumba la CDF lokha linafika pa K100 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Nthawi imeneyo panalinso thumba la DDF, ndi ndalama za pulojekiti ya GESD zochokera ku Banki Yaikulu Padziko Lonse. M'boma ngati lathu, lomwe namondwe wa Freddy anagumula milatho, misewu ndi sukulu mu Malichi 2023, thumba lililonse la simenti lili ndi mwana amene akulidikirira.

Koma pempho limafera mmene mwalilembera, ndipo izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Ndili ku koleji ndinalembera khonsolo ina, osati ya kwathu, kalata ya masamba awiri. Ndinayamba ndi kudandaula za katangale m'dziko muno, ndipo pomaliza ndinati andiuze "mmene ndalama zonse za chitukuko zinayendera". Yankho linabwera laulemu, ndime imodzi: ndalama zinagwira ntchito motsatira ndondomeko. Ndinapsa mtima, koma wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinafunsa funso, iwo anandipatsa yankho. Lamuloli mphamvu yake ili pa zolembedwa zimene zilipo kale. Osapempha kuti akufotokozereni. Pemphani pepala, ndipo mulitchule dzina.

Choyamba, sankhani ntchito imodzi ndi chaka chimodzi. Pitani pamalopo, mujambule chikwangwani ngati chilipo, chifukwa nthawi zambiri chimatchula dzina la ntchito, thumba limene likulipira ndi kontirakitala. Ngati palibe, funsani a komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya kwa mfumu yaikulu, a VDC ndi a ADC, kapena khansala wanu. Chenjerani ndi chaka. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Mukangolemba kuti "2024", mwaponda zaka ziwiri nthawi imodzi. Ntchito imene inayamba mu Febuluwale 2024 ili m'chaka cha 2023/24.

Chachiwiri, dziwani mapepala amene ndalama ya boma imasiya m'mbuyo mwake. Alipo anayi ofunika kwambiri. Kontirakiti imanena amene anapatsidwa ntchito, mtengo wake ndi tsiku lomalizira. Ndandanda wa zipangizo ndi mitengo, umene amisiri amautcha BoQ, umanena kuti malata angati, zitseko zingati, pa mtengo wanji. Masatifiketi a ntchito ndi amene katswiri wa zomangamanga wa khonsolo amasaina potsimikiza kuti ntchito yafika pakutipakuti, munthu alipidwe. Mavocha olipirira ndiwo amasonyeza ndalama imene inatulukadi, tsiku lake ndi amene analandira.

Kalata yake ndi yaifupi. Tiyerekeze kuti kwanu n'kufupi ndi Migowi ndipo pasukulu ina pali chipinda chimene chinaima kumangidwa. Pamwamba lembani dzina lanu, adiresi, nambala ya foni ndi tsiku. Kalatayo ipite kwa ofisala woona za uthenga, kudzera kwa Bwanamkubwa, ku khonsolo ya Phalombe. Kenako mulembe motere:

"Potsatira lamulo la ATI la 2017, ndikupempha makope a zolembedwa izi zokhudza ntchito yomanga chipinda chophunzirira pasukulu yakutiyakuti, kwa mfumu yakutiyakuti, m'chaka cha ndalama cha 2023/24: (1) kontirakiti yosainidwa, (2) BoQ, (3) masatifiketi onse a ntchito, (4) mavocha onse olipirira. Ndine nzika ya dera lino ndipo ndikufuna kudziwa mmene ndalama za chitukuko cha dera langa zagwirira ntchito. Ngati m'zolembedwazi muli mbali ina imene lamulo sililola kuulula, muphimbe mbali yokhayo, zotsalazo mundipatse. Ngati zolembedwazi zili ku ofesi ina, mutumize pempho langa kumeneko ndipo mundidziwitse. Ngati mukukana, mundiyankhe polemba ndi kutchula gawo la lamulo limene mwatsamira."

Basi, yatha. Mulibe mawu oti "kuba", mulibe dzina la chipani, mulibe kuopseza. Chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Chonena kuti ndinu nzika ya deralo chilipo chifukwa lamulo limamangiriza ufulu wopeza uthenga ku kugwiritsa ntchito maufulu anu ena, ndiye mzere umodzi wonena cholinga umakuthandizani. Chonena za kuphimba chilipo chifukwa pavocha pamatha kukhala nambala ya akaunti ya munthu, ndipo lamulo limateteza zinsinsi za anthu. Nambala imodzi isakhale chifukwa chokumanirani fayilo yonse. Akakupatsani fomu yoti mudzaze, koperanimo mawu omwewa.

Nanga agogo amene sadziwa kulemba? Lamulo limalola pempho la pakamwa, ndipo ofisala ndiye amalilemba. Koma inu amene muli ndi foni m'manja, lembani. Mawu a pakamwa amauluka.

Popita ku ofesi tengani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku, ndipo muijambule pafoni musanatuluke pageti. Chidindo chimenechi ndiye wotchi yanu. Lamulo limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni. Loweruka, Lamulungu ndi maholide sawerengedwa, ndiye mukapereka Lolemba werengani masabata atatu, n'kuwonjezera tsiku ngati pakati pagwa tchuthi monga cha pa 3 Malichi. Kupereka pempho n'kwaulere. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo wa fotokope, ndipo mufunse risiti ya khonsolo. Wina akakuuzani kuti "tiponyereni ya fanta kuti ziyende msanga", zimenezo si za lamulo.

Masiku akatha kuli zii, musabwerere pagulu kukalengeza kuti "tinanena ife". Pamaso pa lamulo, kusayankha kuli ngati kukana, ndipo kukana kuli ndi kokadandaula. Lembaninso kwa mkulu wa khonsolo kupempha kuti aunikenso nkhaniyo, mutaphatikiza kope yodindidwa ija. Zikakanika apo, pitani ku MHRC, ndipo pamwamba pa onse pali khoti. Pa sitepe iliyonse chimene adzakufunseni choyamba ndi umboni woti munaperekadi pempho tsiku lakuti.

Tsono tinene kuti mapepala abwera. Apa ndi pamene ambiri timathamangira kuponya zithunzi tisanawerenge. Khalani pansi ndi kakyuleta ya pafoni. Manambala awa ndi ongoyerekeza: kontirakiti ikuti K40 miliyoni. Mavocha ndi atatu, a K8 miliyoni, K16 miliyoni ndi K12 miliyoni. Pamodzi ndi K36 miliyoni, kutanthauza kuti pa K10 iliyonse, K9 yatuluka kale. Tsegulani BoQ muone kuti denga, zitseko, mazenera ndi pulasitala zonse pamodzi zinali za ndalama zingati. Tinene kuti ndi K14 miliyoni. Ngati zonsezi palibe pamalopo, ntchito imene yagwirika siingapose K26 miliyoni. Pali kusiyana kwa K10 miliyoni. Tsopano onani satifiketi yomaliza: ikuti ntchito inafika pati, tsiku liti, anasaina ndani? Ngati satifiketi ikuti denga linafoleredwa pomwe chithunzi chanu chikuonetsa thambo, muli ndi funso lokhala ndi mano.

Ndikuti funso, osati chigamulo. Kusiyana kwa manambala sikuti nthawi zonse ndi kuba. Vocha yoyamba ija ikhoza kukhala ndalama yoyambira ntchito imene imadzadulidwa pang'onopang'ono pamalipiro otsatira. Malata akhoza kukhala kuti anagulidwa, ali m'nyumba yosungira katundu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti ndi malata n'kulumpha, moti mitengo yosainirana miyezi ingapo m'mbuyo inasanduka nthano. Nthawi zinanso mavocha amaonetsa kuti kontirakitala walipidwa zochepa kuposa ntchito imene wagwira, mwina chifukwa ndalama zochokera ku likulu zinachedwa. Zikatero munthu amene mwakhala mukumunyoza pagulu ndi amene ali ndi ngongole yoti alipidwe. Pepala limatha kugwira wakuba, limathanso kumasula wosalakwa, ndipo zonse ziwiri ndi phindu kwa ife.

Ndikudziwa zimene ena akunena pamene akuwerenga: "Iwe, kuno n'ku Malawi, sangakuyankhe." Mwina pempho loyamba lidzagonadi m'fayilo. Koma dandaulo la pa WhatsApp lilibe tsiku lomalizira, lilibe chidindo, lilibe kokachita apilo. Kalata ili nazo zonse zitatu. Kwa akuluakulu a khonsolo, pempho langa ndi limodzi: dzina la ofisala wolandira mapempho limatidwe pachitseko, ndipo makontirakiti ndi malipiro a ntchito za CDF, DDF ndi GESD azimatidwa pabolodi tisanafunse n'komwe. Lamulo lomweli limalimbikitsa kuulula zinthu musanapemphedwe.

Kwa anzanga a pagulu, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sabata ino sankhani ntchito imodzi ya kwanu, kaya ndi mjigo kwa Jenala kaya ndi kamlatho kwa Nkhulambe. Mmodzi ajambule chikwangwani, wina alembe kalata, amene ali ku Joni atumize ya fotokope ndi ya kabaza. Chithunzi chotsatira chimene chilowe pagulupo chikhale cha kalata yodindidwa.