Kwacha ingamangidwe pa K1,751, koma ngongole yake tidzailipira ndithu

Mu Lilongwe muno dola imodzi yakhala ndi mitengo iwiri. Ku City Centre, komwe kuli likulu la Banki Yaikulu ya Reserve, dola yakhala ikugulitsidwa pafupifupi K1,751 kuyambira mu Malichi 2024. Mukatsikira ku Old Town, kwa anyamata osintha ndalama m'mbali mwa msewu, dola yomweyo inadutsa K4,000 kumayambiriro kwa 2025. Mtunda wa makilomita ochepa chabe, koma mtengo kuwirikiza kawiri ndi kupitirira. Pa magulu a WhatsApp anthu amakangana tsiku ndi tsiku kuti mtengo weniweni ndi uti. Ife tikuti yonse iwiri ndi yopotoka, ndipo malamulo awiri a maphunziro a zachuma atithandiza kuona chifukwa chake.

Loyamba ndi lamulo la mphamvu yofanana yogulira zinthu. Mukafuna kulifufuza pa foni, lembani purchasing power parity. Analitchukitsa ndi katswiri wa ku Sweden, Gustav Cassel, cha m'ma 1918. Ganizo lake ndi losavuta: ndalama yanu mukaisintha, iyenera kugula katundu wofanana kuno ndi kunja. Shuga akatchipa ku Mchinji kuposa ku Chipata, amalonda amamuwolotsa malire mpaka mitengo itayandikana. Choncho zinthu zikamakwera mtengo msanga ku Malawi kuposa ku Amereka, kwacha iyenera kugwa molingana ndi kusiyanako.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu 2024 mitengo ya zinthu kuno inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka, pomwe ku Amereka inkakwera ndi pafupifupi 3 peresenti. Basiketi ya zinthu yomwe inali K100 inafika pa K130, pomwe ya $100 inafika pa $103. Tikayambira pa K1,751, samu yake ndi iyi: 1,751 × 1.30 ÷ 1.03 = 2,210. Ndiye kuti pakutha pa chaka dola imayenera kukhala cha m'ma K2,210. Koma ku banki siinasunthe, ndipo pamsewu inalumpha kutali kwambiri. Palibe mtengo womwe unamvera lamuloli.

Chifukwa choyamba n'chakuti zinthu zambiri zomwe timagula sizingakwere basi kupita kunja. Kumeta tsitsi ku Old Town n'kotchipa kuposa ku Joni, koma palibe amene angagule kumetako kuno n'kukakugulitsa kumeneko. Chimodzimodzi ulendo wa pa kabaza, malipiro a mlonda, kapena lendi ya nyumba ku Area 43. Mitengo ya zinthu zoterezi imatsatira zochitika za kuno. Ngakhale katundu yemwe amayenda, safika mwaulere. Foni kapena belo la kaunjika limatsika pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, likwere thiraki, lilipire msonkho pa malire. Kusiyana kwa mitengo kukakhala kochepa kuposa ndalama zonsezi, palibe wamalonda angavutike nako, ndipo kumangokhalapo.

Chachiwiri n'chakuti mitengo simasintha pa liwiro limodzi. Mtengo wa dola pamsewu umasintha ndi meseji imodzi, m'mawa wina masana wina. Koma malipiro a mwezi, fizi ya sukulu ndi lendi amagwirizana kamodzi pa chaka. Mitengo ina imaikidwa ndi boma. Bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 pa lita mu Novembala 2023, ndipo mtengowo unakhala pomwepo chaka chonse cha 2024. Mtengo ukakanizidwa kusuntha, chomwe chimasuntha ndi mzere. Tonse tinaiona mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta.

Izi sizichitika ku Malawi kokha. Katswiri wina wa ku Amereka, Kenneth Rogoff, analemba mu 1996 kuti kafukufuku wambiri amaonetsa kuti pamatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti theka chabe la kupatuka kotereku lichoke. Lamuloli ndi la zaka. Silingakuuzeni mtengo wa dola Lachisanu likudzali.

Lamulo lachiwiri ndi la kufanana kwa chiwongoladzanja, lomwe pa foni mulipeza polemba interest rate parity. Ili silikamba za katundu, likamba za ndalama yosungitsa. Likuti munthu woika ndalama mu kwacha ndi woika mu dola ayenera kupeza phindu lofanana pamapeto, akaphatikiza kusintha kwa mtengo wa ndalamazo. Dziko likamapereka chiwongoladzanja chokwera, ndiye kuti anthu akuyembekeza kuti ndalama yake igwa ndi mlingo womwewo. Kupanda apo aliyense akanathamangira komweko.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 10 ali ndi $1,000 pakati pa chaka cha 2024. Ku Amereka chiwongoladzanja chinali pafupifupi 5 peresenti, ndiye pakutha pa chaka akanakhala ndi $1,050. Kuno Banki ya Reserve inali itaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Kuti samu isavute, tisawerengere msonkho ndi kaphindu ka banki posintha ndalama. Mayiwa asintha dola zawo n'kupeza K1,751,000, abwereketsa boma pa 26 peresenti, ndipo pakutha pa chaka ali ndi K2,206,260. Kuti njira ziwirizi zifanane, dola imayenera kufika pa K2,101, chifukwa 2,206,260 ÷ 1,050 = 2,101. Koma ku banki inakhalabe pa K1,751. Pa pepala, ndalama za mayiwa zasanduka $1,260. Phindu la $260 m'malo mwa $50.

Nanga bwanji anthu a ndalama a ku London ndi ku Joni sanakhamukire ku City Centre ndi zikwama za madola? Poti khomo lolowera ndi lotsegula koma lotulukira ndi lopapatiza. Banki imalandira dola yanu ndi manja awiri, koma mukafuna kuigulanso amakuuzani kuti foleksi palibe, lembetsani mudikire. Mayi athu aja akatopa kudikira n'kukagula ku Old Town pa K4,000, K2,206,260 yawo ikuwapatsa $552 basi. Ataya pafupifupi theka la zomwe anali nazo. Lamulo la chiwongoladzanja limagwira ntchito pomwe ndalama imalowa ndi kutuluka momasuka, komanso pomwe mungagwirizane ndi banki lero mtengo womwe mudzagulire dola chaka chamawa, banki n'kudzakupatsanidi. Pomwe madola akugawidwa pa mzere, zonsezi zimafa.

Palinso mantha a kugwa kwa mwadzidzidzi, ndipo Amalawi sitichita kumva za m'maluwa. Mu Meyi 2012, boma la Joyce Banda litangolowa, dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, kulumpha kwa 44 peresenti, kutangotsala masiku ochepa kuti bungwe la IMF livomereze ngongole ya Malawi. Munthu yemwe anasintha $1,000 mu Okutobala 2023 anapeza pafupifupi K1,180,000. Pa chiwongoladzanja cha nthawiyo cha 24 peresenti, ndalamayo inakula kufika pa K1,463,200. Ngakhale akanapeza dola ku banki pa K1,751, akanatuluka ndi $836. Chiwongoladzanja cha chaka chathunthu chinadyedwa ndi chikalata chimodzi cha Banki ya Reserve.

Apa ndiye pagona nkhani. Miyezi yambiri kwacha imaoneka ngati yaima, ndipo malamulo awiriwa amaoneka ngati nthano za m'kalasi. Kenako tsiku limodzi zonse zomwe zinaunjikana zimalipidwa kamodzi. Chiwongoladzanja chokwera si mphatso ayi. Ndi malipiro a munthu yemwe walolera kukhala m'nyumba yomwe denga lake likhoza kugwa.

Koma tisathamangire kunena kuti mtengo wa ku Old Town ndiye woona. Msika umenewu ndi wosaloledwa ndi malamulo, ndipo wogulitsa amaonjezerapo ya mantha ogwidwa ndi apolisi. Onse okanidwa ku banki amakapanikizana pa madola ochepa omwewo. Mphekesera ikangomveka kuti kwacha igwetsedwa, yemwe ali ndi dola amaibisa, mtengo n'kulumpha popanda chilichonse chosintha pa chuma. Nyengo nayonso imalowererapo. Madola amachuluka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, ndipo amasowa kumapeto kwa chaka pomwe tikuitanitsa feteleza. Pansi pa zonsezi pali vuto lakalekale: katundu yemwe timagula kunja amaposa kawiri yemwe timagulitsa.

Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi uli ndi eni ake. Yemwe ali ndi mwayi wopeza $10,000 ku banki amalipira K17.51 miliyoni. Akazigulitsa pa K4,000 apeza K40 miliyoni, osalima, osapanga kanthu. Pomwe mlimi kapena kampani yotumiza katundu kunja, komanso m'bale wathu wotumiza ndalama kuchokera ku Joni, akadzera ku banki amalandira mtengo wotsika, ndiye ambiri amazemba. Wolipira zonsezi ndi wogula. Mavenda a kaunjika ataguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025, ankadandaula za mtengo wa mabelo womwe unkatsatira dola ya pamsewu, osati ya ku City Centre.

Pempho lathu kwa boma ndi Banki ya Reserve ndi ili. Kumanga kwacha pomwe mitengo ikukwera ndi 30 peresenti n'kusunga vuto kuti likule. Kuigwetsa kokha nakonso si mankhwala, umboni wake ndi 2022 ndi 2023: tinagwetsa, mitengo inakwera, mpata unabwereranso. Muzu wake ndi boma kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zomwe limatolera, n'kumabwereka kuno komweko pa chiwongoladzanja chokwera. Chepetsani zimenezo, lolani kwacha izisuntha pang'onopang'ono m'malo mogwa kamodzin'kamodzi, ndipo lengezani poyera magulu omwe akupatsidwa madola a mtengo wa ku banki.

Inu owerenga, yang'anani zinthu zitatu: kukwera kwa mitengo komwe ofesi yoona za chiwerengero ya NSO imalengeza mwezi ndi mwezi, kukula kwa mpata wa pakati pa banki ndi msewu, komanso miyezi yomwe madola osungidwa m'dziko muno angakwanitse kuitanitsira katundu. Ziwiri zoyambazo zikamakwera chachitatu chikutsika, dziwani kuti chingwe chakokedwa kwambiri. Palibe samu yomwe ingakuuzeni tsiku lomwe chiduke, ndipo wokuuzani tsikulo pa WhatsApp kawirikawiri ali ndi madola oti akugulitseni. Koma munthu akakulonjezani phindu lalikulu mu kwacha, mufunseni funso limodzi: ndikadzafuna kutuluka, dola ndidzaigula kuti, ndipo pa mtengo wanji?