Za Nyale Zitatu Zoyaka Pamaso pa Woyendetsa Galimoto

Abale athu a m'midzi, ambiri a ife tiribe galimoto, koma tonse timakwera. Pokhala pafupi ndi dalaivala m'minibasi, kapena m'lole imene tabwereka kuti itinyamulire chimanga, taona tinyale tating'ono toyaka kuseri kwa chiwongolero, pamalo paja amati deshibodi. Tina n'tofiira, tina tachikasu ngati mnofu wa dzungu, tina tobiriwira ngati msipu. Mwezi uno tifuna kukambirana za tinyaleti, pakuti mtundu wa nyale iriyonse uli ndi mau ache, ndipo mauwo ndi onena za nthawi: kuti mwatsala ndi nthawi yotani chinthu chisanaonongeke.

Nyale yobiriwira ingonena kuti chinthu chakuti chayatsidwa ndipo chiri kugwira ntchito, monga muvi wophethira pamene galimoto ifuna kukhota, kapena chilembo N pa njinga yamoto, chosonyeza kuti simuli m'giya. Mbale wache ndi nyale yabuluu, yonena kuti nyale zazikulu zakutsogolo zakwezedwa ndipo zingathobwe m'maso anzanu obwera. Apa palibe chodetsa nkhawa. Nyale yachikasu iti: pali cholakwika, yendani mosamala, kaonaneni ndi makaniko masiku omwe ano. Koma yofiira iti: pali choopsya pa moyo wa anthu kapena pa injini, chitanipo kanthu tsopano lino. Opanga magalimoto a ku Japani, a ku Ulaya ndi a kwina atsata chipangano chimodzi pa mitundu imeneyi, kotero kuti wophunzira pa galimoto imodzi waphunzira pa zonse.

Nanga anasankhiranji mitundu, osangolemba mau? Taganizani za munthu wothamanga pa liwiro la makilomita 80 pa ola. Pa sekondi imodzi yokha galimoto yache yadutsa mamita oposa 22. Akachotsa maso pamseu masekondi atatu kuti awerenge chiganizo, wayenda wosapenya mtunda woposa theka la bwalo la mpira. Koma mtundu wa nyale diso liugwira pakungoponya maso kamodzi, lisanazindikire nkomwe chithunzi chojambulidwapo. Ndipo wosadziwa kuwerenga kapena wosamva Chingerezi aumva chimodzimodzi ndi mphunzitsi.

Mwambo umenewu sunayambire m'galimoto ai, koma pa njanji. Kale ku Mangalande, zaka za m'ma 1840, nyale yofiira inali kuimitsa sitima ya pamtunda, yobiriwira inali kuchenjeza, ndipo yoyera ndiyo inali kunena kuti njira iri bwino. Pambuyo pache anaona kuti kuyera kunyenga: galasi lofiira likasweka, nyale yoletsa ioneka yoyera, ndipo woyendetsa sitima apitirira ali mtima pansi. Chifukwa chache anapatsa kubiriwira ntchito yololeza, ndi chikasu ntchito yochenjeza. Mu 1868 anaimika mu mzinda wa London chizindikiro choyamba cha pamseu, chokhala ndi nyale za gasi, yofiira ndi yobiriwira. Ndipo mu 1920 ku Detroit, m'dziko la Amereka, wapolisi wina dzina lache William Potts anakonza maroboti a mitundu itatu. Tsono pamene opanga magalimoto anafuna kulankhula ndi dalaivala mwamsanga, anapeza chinenero chokonzeka kale, chimene anthu anachizolowera pamphambano. Kuti kufiira ndiko kunatenga mpando wa ngozi sitizizwa nako, pakuti ndiwo mtundu wa mwazi ndi wa makala a moto. Komabe alipo anthu ena, makamaka amuna, amene anabadwa osatha kusiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Mwayi wao ndi wakuti nyale iriyonse iri ndi chithunzi chachenso.

Tsopano titenge nyale imodzi, imene kwa ife iposa zinzache pa kusaukitsa mabanja, ndiyo yofiira yokhala ndi chithunzi cha kachitini kamlomo kodontha, konga ketulo. Anthu ambiri ayesa kuti inena kuti oyilo wachepa, ndi kuti adzathira akafika. Si tero ai. Iyo inena kuti oyilo sali kukankhidwa ndi mphamvu yokwanira m'njira zache za m'kati mwa injini. M'injini muli chitsulo chachikulu chozungulira, chimene sichikhudza zogonera zache, koma chiyandama pa kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Pampu ndiyo itumiza oyilo ameneyo kosaleka. Mphamvu ikagwa, chitsulo chiyamba kudyana ndi chitsulo chinzache.

Tiyerekeze motere. Banja lina labwereka lole yaing'ono kuti ikatule matumba a chimanga kumsika, ndipo kwatsala makilomita 12 pamene kachitini kofiira kaja kayaka. Dalaivala ati, "Tatsala pang'ono, tikaonera komweko." Tiyeni tiwerenge. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ulendo wotsalawo ndi wa mphindi 12. Injini ikamazungulira maulendo 2,500 pa mphindi, monga zichita injini zambiri pa liwiro lotere, ndiye kuti chitsulo chija chidzazungulira maulendo 30,000 chiri chouma. Kawirikawiri sichifika nkomwe: pamveka kugogoda kwa pansi pa injini, kuja amakaniko amati injini yanoka, ndipo mwina igwirana ndi kuima yokha. Pamenepo mtengo wa kukonza upambana kutali mtengo wa chimanga chonse chiri pamwambapo. Mwini katundu akaona nyaleyo, asachite manyazi kunena mwaulemu kuti, "Adalaivala, chonde taimani tione."

Choyenera kuchita ndi ichi. Patukani pamalo pabwino posatsetsereka, ndipo zimitsani injini pomwepo. Dikirani mphindi zisanu kapena khumi kuti oyilo atsikire pansi. Tsegulani boneti, solorani kawaya koyezera oyilo, kapukuteni ndi kansanza, kabwezeni mpaka pansi ndi kukasololanso. Kunsonga kwache kuli zizindikiro ziwiri, ndipo oyilo ayenera kulekezera pakati pa izo. M'magalimoto ang'ono ambiri, kuchoka pa chizindikiro chapansi kufika pa chapamwamba ndi ngati lita imodzi. Mukapeza kawaya kouma, suzumirani pansi pa galimoto, kapena mwala waboola chibekete cha oyilo, monga zichitika m'miseu yathu yafumbi. Ngati sikudontha, thirani oyilo woyenera pang'onopang'ono, mukuyeza, osapyola chizindikiro chapamwamba. Lizani injini. Nyale ikazima pa masekondi owerengeka, ndipo injini siigogoda, mungathe kupitirira mosamala. Koma funso litsala lakuti oyilo uja anapita kuti, ndipo makaniko aliyankhe.

Nanga mukapeza oyilo ali wokwanira, koma nyale iri chiyakire? Apa ndipo ambiri anyengedwa, nati nyale yanama. Zoona, nthawi zina kachipangizo koyeza mphamvuyo ndiko kafa, ndipo n'kotsika mtengo. Koma mwinanso pampu yatha, kapena sefa ya pansi yatsekeka ndi matope a oyilo wakale wosasinthidwa. Muli pamseu simungathe kusiyanitsa ziwirizi ndi maso. Makaniko yekha, pomangapo geji yache, ndiye aona zoona. Chotero galimoto yotere ikokedwe, isayende yokha. Palinso kuphethira kwa nyaleyi pokhota kapena poponda buleki: kumeneko ndi kunena kuti oyilo watsala pang'ono, ndipo akhutukira mbali imodzi, pampu niyamwa mpweya.

Onani tsono mphamvu ya mtundu. M'magalimoto ena kachitini komweko kayaka mwachikasu, kawirikawiri kali ndi kamzere kokhotakhota pansi pache. Pamenepo tanthauzo ndi lakuti oyilo wachepa koma mphamvu ikalipo, ndipo mungathe kufika pomwetsera mafuta pafupi ndi kuonjeza. Chithunzi ndi chimodzi, koma chikasu chikupatsani mpata, kufiira kukumanani.

Zofiira zinzache tizitchule mwachidule. Chithunzi cha batire sichinena kuti batire yafa, koma kuti makina oidzaza magetsi aleka ntchito, kawirikawiri chifukwa lamba waduka. Ndipo popeza m'injini zambiri lamba yemweyo ayendetsanso pampu ya madzi, imani muone, injini isanawire. Chithunzi cha choyezera kutentha choviikidwa m'madzi, chikafiira, injini yatentha kopyola: zimitsani, ndipo musatsegule chivundikiro cha radiyeta kufikira itazizira, pakuti nthunzi yache isupula khungu. M'magalimoto ambiri a ku Japani chithunzi chomwechi chiyaka mwabuluu kapena mobiriwira mmawa, kungonena kuti injini ikali yozizira. Nyale yofiira ya mabuleki iyaka pamene handibuleki yakokedwa. Mukaitsitsa koma nyale osazima, yang'anani mafuta a mabuleki musanasunthe. Sizofiira zonse zofuna makaniko: ya lamba wa pampando ingofuna kuti mumange.

Ndi chikasu nachonso chiri ndi malire. Nyale yachikasu ya chithunzi cha injini ikayaka chiyakire, galimoto iri kuyenda bwino, mungathe kufika kwanu ndi kukaipimitsa pa makina a makaniko. Koma ikaphethira, injini iri kunjenjemera, ndiye kuti petulo wina atuluka wosapsya ndi kukatentha chosefera utsi cha m'paipi, chimene n'chokwera mtengo. Chepetsani liwiro, imani msanga. Ya zilembo ABS ikayaka yokha, mabuleki wamba agwirabe, kungoti matayala angathe kukwakwaza mukaponda mwadzidzidzi pamatope. Koma ikayaka pamodzi ndi yofiira ya mabuleki, ulendo uthere pomwepo.

Chatsala chimodzi, cha inu amene mwasonkha ndalama za fodya kapena za soya kuti mugule galimoto yogwirapo kale ntchito. Potembenuza kiyi, injini isanalire, nyale zochenjeza ziyenera kuyaka pamodzi kanthawi, kuti dalaivala aone kuti ziri zamoyo. Injini ikalira, zizima. Alipo ogulitsa ena amene achotsa babu kapena amata nyale yovuta kuti wogula asaione. Tsono tembenuzani kiyi nokha, muyang'ane kachitini ka oyilo, batire ndi chithunzi cha injini. Chimodzi mwa izi chikapanda kuyaka pa nthawi imeneyo, bwezani ndalama m'thumba, muitane makaniko wanu adzatsegule deshibodi musanapangane mtengo.