Intavyu yasila, manje lembani ka imelo

Mwatuluka mu ofesi ya pa Northmead, shati yanyowa kumsana, mwaima pa Great East Road kuyembekeza basi ya ku Chelstone. Kondakita akukuwa, koma imwe mutu uli kwina: “Aa, nenze kufunika kuwauza cija!” Tonse tinapitamo. Yankho yabwino imabwera mutakhala kale pa mpando wa kumbuyo.

Cija mwaiwala cikali na nchito. Muli na mpata umodzi wocikamba, ndiye imelo yothokoza. Ambiri sailemba, ati ni kunyengerera abwana. Ena amalemba cabe “zikomo pa nthawi yanu”, basi. Iyo siipa, koma woiwerenga amaiiwala asanamwe na tiyi.

Mwana wa mlongo wanga anapita ku intavyu ya ukalaliki wa maakaunti pa sitolo ina ya zomangira nyumba ku Northmead komweko. Anamufunsa anthu awiri, amayi oyang'anira ndalama na abambo a zolemba anchito. Mafunso a NAPSA na PAYE anayankha bwino, anadziwa kuti zonse ziwiri zifunika kulipiridwa pofika pa 10 mwezi wotsatira. Koma pakati pa nkhani amayi aja anadandaula, monga ocezera cabe, kuti madzulo alionse ndalama zolowa pa foni sizigwirizana na malisiti a pa kaunta, ndipo anthu amaweruka mocedwa kufunafuna pomwe zasiyanira. Mtsikana anangogwedeza mutu. Atafika kunyumba m'pamene anakumbuka kuti anasebenza zaka ziwiri mu kabuthi ka ndalama za pa foni ku Chelstone, komwe usiku ulionse anali kugwirizanitsa fuloti, kashi na buku. Pa sivi sanailembe nchito imeneyo. Ati inali kumucititsa manyazi.

Tinakhala pansi madzulo omwewo, ndipo imelo inatuluka motere. Anailemba m'Cizungu, pakuti ndiye cilankhulo ca maofesi athu, koma mfundo zake ni izi:

“Amayi, zikomo pondipatsa nthawi lero m'mawa pa za malo a kalaliki wa maakaunti. Munanena kuti mufuna munthu wotseka mabuku a tsiku popanda kumuimirira, komanso wosaphonya masiku a NAPSA na PAYE. Izi ndizo ndinacita caka conse pa nchito yanga yapita. Pali cimodzi cimene sindinachule. Ndinagwira zaka ziwiri mu buthi ya ndalama za pa foni, ndipo kumeneko ndinazolowera kulemba manambala anai omalizira a uthenga wa malipiro pambali pa dzina la kasitomala, kuti madzulo ndalama yosowa ipezeke msanga. Ndikhulupirira kuti njira imeneyi ingathandize pa vuto la malisiti limene munachula. Ndili wokonzeka kubweranso mukandifuna.”

Onani pakati paja, pomwe akamba kuti ni woyenera. Sanalembe kuti ni wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu. Mau amenewo ali m'makalata onse ali pa desiki ya amayi aja. Iye anatenga zimene iwo eni anakamba na pakamwa pao, n'kuika pambali pake cimene anacitapo kale. Ndiye cifukwa cake mukangotuluka mu intavyu, musanatsegule na WhatsApp, lembani mu foni vinthu viwiri kapena vitatu vimene anabwerezabwereza. Munthu akabwereza cinthu kawiri ndiye kuti cikumupweteka mutu. Mukayembekeza mailo, muzakumbuka cabe mmene munacitira mantha.

Mfundo yatsopano ndiye mtima wa imelo yonse, ndipo ikhale imodzi. Mukaika zitatu, zimaoneka monga mufuna kucita intavyu yaciwiri pa foni, kapena kuti simunakonzekere yoyamba. Poisankha dzifunseni: kodi ikuyankha cinthu cimene iwo anachula? Mtsikana wathu analinso na satifiketi ya kompyuta imene sanaikambe, koma palibe anafunsa za kompyuta, ndiye tinaisiya. Funso lina: kodi akakuitanani mailo kuti muonetse, mungakwanitse? Apa ndiye ena amagwera. Munthu alemba kuti adziwa Smart Invoice ya ZRA cifukwa anamva abwana akuichula, pomwe sanaitsegulepo. Akamukhazika pa kompyuta, bodza limaonekera m'mphindi ziwiri, ndipo na zoona zimene anakamba ziyamba kukayikitsa. Ngati cinthu simucidziwa, nenani cimene mwacita kucokera pa intavyu: mwawerenga za ico, mwayamba kuphunzira. Nayonso ni mfundo yatsopano, ndipo ni yoona.

Nanga ngati munalakwitsa yankho? Mwina anakufunsani za NAPSA munati wanchito amadulidwa 10 peresenti, pomwe ni 5 ya wanchito na 5 ya abwana. Kukonza kumeneko kungakhale mfundo yanu, koma m'ciganizo cimodzi, popanda kulira. Ndime yonse yopepesa imangowakumbutsa colakwa cimene mwina anali ataiwala.

Za malipiro musaikemo. Za lendi, ana a sukulu, amalume odwala, ai. Ndidziwa kuti ndizo zikukuthamangitsani, koma malo ake si ano.

Tumizani tsiku lomwelo, kapena mailo m'mawa isanakwane 9 koloko. M'makampani ang'onoang'ono monga a m'misewu ya Northmead anthu awiri aja amakambirana msanga, nthawi zina pa lanchi yomweyo. Intavyu ya pa Cisanu musaisungire Mande. Ndipo musadalire kuti muzalemba kunyumba malaiti akabwera. Gulani bandulo, lembani foni ikali na moto.

Adiresi muitenga kuti? Ngati anakuitanani pa imelo, tsegulani yomweyo n'kudina Reply, kuti nkhani ikhale pa mzere umodzi ndipo asavutike kukumbuka kuti ndimwe ndani. Cenjerani na Reply All: maofesi ena amaitana ofunsira nchito onse mu imelo imodzi, ndipo mungapereke mfundo yanu kwa anzanu opikisana nao. Ngati anakuitanani pa foni, funsani pa risepishoni potuluka kuti akulembereni adiresi na dzina la amene anakufunsani, kalembedwe kake komwe. Dzina lolakwika limaononga zikomo yense. Phiri kumulemba Piri, mwayamba kale moipa. Kumene kulibe imelo, monga m'masaluni na m'malesitilanti ambiri, uthenga wa pa foni ucita, koma wa mizere itatu, masana, osati voisi noti ya 22 koloko.

Mukatumiza, lowani mu Sent muone ngati yapitadi. Netiweki ikavuta, imelo imakhalira mu Outbox masiku awiri imwe mukuganiza kuti abwana akunyalanyazani. Yang'ananinso dzina limene limaoneka kwa wolandira. Ngati adiresi yanu ikali ija munatsegula muli Giredi 9, ya dzina la kusewera, tsegulani ina.

Mtsikana wathu sanayankhidwe masiku anai. Anafuna kutumiza ina, ndinamuletsa, cifukwa anamuuza kuti azamva pakapita sabata, ndipo kukumbutsa kumayamba tsiku lolonjezedwa likadutsa. Tsiku lacisanu anamuimbira. Amayi aja anamupatsa malisiti a dzulo lake na foni ya sitolo, ati tione njira yako ija. Anali awiri oitanidwanso, ndipo pomwe ndikulemba pano yankho yomaliza ikalibe kubwera. Sivi yake yokha waikonza kale, kabuthi ka ku Chelstone kalowamo.