Mvula Sidikira Katoni Yochokera ku Tete

Pali mawu amene atopetsa makutu pa misonkhano ya makolo m'masukulu a m'malire muno, kuyambira ku Angonia mpaka ku Mandimba. Mukafunsa chifukwa chimene mwana wa kalasi lachinayi sadziwira kumene mvula imachokera, yankho lake limakhala lakuti zipangizo sizinabwere. Akuti akudikira chithunzi chachikulu chosindikizidwa, chamitundumitundu, chokhala ndi mivi yozungulira kuchoka kunyanja kukwera kumitambo. Ine ndikuti chodzikhululukira chimenechi n'chabodza, ndipo chithunzicho chitabwera lero sichingaphunzitse zimene beseni la pakhomo lingaphunzitse.

Chithunzi chimauza mwana kuti akhulupirire. Muvi waloza kumwamba, ndiye kuti madzi amakwera, basi. Mwanayo sanaonepo madzi akukwera chibadwire, iye amaona akutsika, choncho amaloweza mawuwo n'kuwataya mayeso akatha. Zina mwa zithunzizi zimakhala ndi mapiri ovala madzi oundana pansonga, chinthu chimene kulibe pa phiri lililonse la m'dziko lino. Mwana amachokapo akuganiza kuti nkhaniyi imachitika kwa azungu.

Tsopano taonani beseni. Mphunzitsi atenge beseni lochapira mbale, loyera bwino, ndipo likakhala lakuda mtundu ndiye bwino koposa chifukwa limagwira kutentha msanga. Athiremo madzi ofika zala ziwiri zokha, asungunuliremo masupuni awiri a mchere, ana atatu alawe ndi kuchitira umboni kuti ndi amchere. Pakati aike kapu yopanda kanthu, yofupika kuposa mlomo wa beseni, ndi mwala wotsuka m'kati mwake kuti isayandame. Avundikire ndi pulasitiki yoonekera, amange mozungulira ndi mphira ya chubu cha njinga mpaka mpweya usamatuluke, ndipo pamwamba pa pulasitikiyo aikepo kamwala molunjika kapu, kuti pakhale kadzenje kotsetsereka. Beseni lipite padzuwa ana akangolowa m'mawa.

M'mwezi wa Okutobala, ola lisanathe, kunsi kwa pulasitiki kumachita chifunga. Kenaka timadontho timakula, timakumana, timatsetserekera pa kamwala paja n'kugwera m'kapu. Pofika nthawi yoweruka mumakhala masupuni angapo, ochepa ndithu, koma okwana kuti ana omwe aja alawenso. Alibe mchere. Apa mphunzitsi asafulumire kulankhula. Afunse kuti madziwa alowa bwanji m'kapu popeza palibe amene wathira, ndiponso mchere wapita kuti. Wina adzati alowa kuchokera kunja, ndiye akhudze pamwamba pa pulasitiki aone kuti ndi pouma. Wina adzati kapu yabooka, ndiye bwanji madziwo sali amchere? Ana akakangana mpaka kutopa, atatu kapena anayi amafika okha pa mfundo yake: dzuwa latenthetsa madzi, ena asanduka nthunzi yosaoneka n'kusiya mchere pansi, nthunziyo yakhudza pulasitiki yozizirirapo n'kubwerera kukhala madzi. Funso limene ana ochenjera amafunsa, loti bwanji mvula ilibe mchere pamene yambiri imachokera kunyanja ya mchere, layankhidwa ndi lilime. Ndionetseni chithunzi chimene mwana angalawe.

Zimakanika nthawi zina, ndipo kukanikako kumadziwika chifukwa chake. Pulasitiki ikakhala youma kunsi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuti mphira yalekerera ndipo nthunzi ikuthawa. Madontho akaoneka koma m'kapu mulibe kanthu, kamwala kapepuka kapena sikali pamwamba pa kapu, kapenanso pulasitiki yagunda mlomo wa kapu ndipo madzi akutsikira kunja kwake. Madzi a m'kapu akamveka mchere, wina wagwedeza beseni ponyamula. Tsiku la mitambo madontho amachedwa, ndipo mphunzitsi wanzeru amatengerapo mwayi: mabeseni awiri, lina padzuwa lina m'khonde, ana aone okha kuti amene akuyendetsa ntchito yonseyi ndi dzuwa.

Amene amanyoza njira imeneyi ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti kuphunzitsa ndi zotolatola ndi kuvomera umphawi, kuti ana a ku Maputo ali ndi zogula pamene athu tikuwapatsa zinyalala. Makolo ena amalankhuladi motero, ndipo ndimamva kuwawa kwawo. Koma asokoneza mtengo wa chinthu ndi ntchito yake. Chithunzi chogula chimakhala chimodzi, chimakhomedwa kukhoma kapena kutsekeredwa mu ofesi kuopa chiswe, ndipo ana makumi asanu ndi limodzi amachiona patali. Mabeseni mungabwereke asanu ndi limodzi m'mudzi, gulu lililonse likhale ndi lake, ndipo mwana akaweruka akhoza kukachita yekha kwawo agogo ake akuona. Tisaiwale kuti luso limeneli si lachilendo kuno. Mayi wotcheza kachasu amadziwa kuti nthunzi ikadutsa mu mpope wozizira imasanduka madontho, ndipo aliyense wovundukula mphika wa nyemba waona madzi pa chivundikiro. Chimene sukulu imawonjezera ndi kulumikiza chivundikirocho ndi mtambo.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera. Akuti tikazolowera kudzipangira, boma lidzagona. Izi n'zoona pa zinthu zimene sitingapange. Mabuku, choko, choyezera kutentha, denga losadontha, zimenezo tizifunse mokweza ndipo tisaleke. Koma kulekerera mwana chaka chathunthu osamvetsa mvula pofuna kulanga ofesi ya kuboma ndi kulanga munthu wolakwika. Ndiponso dongosolo la maphunziro a pulayimale la 2004 linapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzira kuti likhale la zinthu za m'dera, ndipo linatsegula khomo loti ana aphunzire m'chinenero chawo, Chinyanja chili pomwepo. Mphunzitsi wotulutsa beseni panja sakuphwanya lamulo lililonse.

Beseni nalo lili ndi bodza lake limene liyenera kuwongoledwa tsiku lomwelo. Kumwamba kulibe pulasitiki. Mphunzitsi akapanda kunena, ana amapita kwawo akukhulupirira kuti thambo ndi chivundikiro. Chimene chimaziziritsa nthunzi ndi mpweya wokha, umene umazizira pamene ukukwera, ndipo timadontho timayambira pa tifumbi tating'ono touluka. Ana a ku Milanje ali ndi chitsanzo pakhomo: mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere ikakwera mapiri m'miyezi yozizira, pamagwa mvula yowaza ija ya chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperoni m'chigawo cha Zambeziya.

Beseni silionetsanso kumene madzi amapita akagwa, ndipo pano m'pamene moyo wa mlimi wagona. Dulani mabotolo awiri apulasitiki m'litali akhale ngati timabwato, lina muikemo dothi lambee, lina chigamphu cha dothi lomwelo chokhala ndi udzu ndi mizu yake. Apendekeni mofanana, kukamwa kuloze pansi, ndipo muthire kapu imodzi ya madzi pa lililonse kudzera m'chitini chobooleza ndi msomali. Ku dothi lambee madzi amatuluka msanga ali ofiira. Ku chigamphu amachedwa, amatuluka ochepa ndi oyererapo, ena atsala m'nthaka. Madzi otsalawo ndi amene amasefukira pansi mpaka kudambo, ndi amene mayi amatunga pachitsime mu Seputembala. Mwana amene wathira yekha madzi pa mabotolo awiriwo mungamufunse chifukwa chimene chitsime cha kumunsi kwa phiri lodulidwa mitengo chimaphwera msanga, ndipo adzaloza botolo lofiira lija.