MTENGO WA FETELEZA ULI M'KATI MWA THUMBA

Nyengo ya dzinja ikamayandikira, alimi ambiri a m'boma la Mwanza, kuyambira ku Thambani mpaka ku Kunenekude, amafika pa sitolo ndi funso limodzi lokha: kodi thumba lotsika mtengo ndi liti? Funso limeneli lawonongetsa ndalama za anthu ambiri. Chimene mlimi amagula si thumba ayi, koma chakudya cha mbewu chimene chili m'thumbamo, ndipo matumba awiri olemera makilogalamu 50 sakhala ndi chakudya chofanana.

Pa thumba lililonse pamalembedwa nambala yosonyeza kuchuluka kwa nayitirojeni, amene amabiriwitsa chimanga ndi kuchibereketsa. Feteleza wa Yureya ali ndi magawo 46 pa 100 alionse, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Feteleza wa Kani wolembedwa 27 ali ndi makilogalamu 13 ndi theka okha. Njira yake ndi yapafupi: nambala ya pa thumba igawidwe pawiri kuti apezeke makilogalamu a chakudya, kenaka mtengo wa thumba ugawidwe ndi makilogalamu amenewo.

Mwachitsanzo, pangakhale sitolo yogulitsa thumba la Kani pa K108,000 ndi la Yureya pa K138,000. Poyang'ana ndi maso, wogula Kani wapulumutsa K30,000. Koma K108,000 ikagawidwa ndi 13 ndi theka, kilogalamu imodzi ya nayitirojeni ikugulidwa pa K8,000, pamene K138,000 ikagawidwa ndi 23, kilogalamu ikugulidwa pa K6,000. Mlimi wothira matumba awiri a Yureya wapatsa munda wake makilogalamu 46 pa mtengo wa K276,000. Kuti mnzake wa Kani afike pa mlingo womwewo, ayenera kugula matumba atatu ndi pafupifupi theka, nalipira K368,000. Choncho thumba looneka lotsika mtengo lamudyera K92,000. Pa mitengo yotere, Kani angapambane pokhapokha thumba lake litatsika kupitirira K81,000.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa anthu a ku Mwanza, kumene magalimoto onyamula katundu amalowera kuchokera ku Tete. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wa dziko lino ankayenda mtunda wautali pa msewu ndipo mtengo wonyamulira unakwera kwambiri. Pa chifukwa chimenechi Boma linalimbikitsa alimi kugwiritsa ntchito feteleza wamphamvu monga Yureya, popeza galimoto imalipiritsa kulemera kwa thumba, osati chakudya chimene chili m'katimo. N'chimodzimodzinso kwa mlimi amene amalipira njinga kapena ngolo kuchokera pa boma kukafika kumudzi.

Komabe masamu amenewa ali ndi malire ake, ndipo ndi udindo wa atsogoleri kuwafotokoza mosabisa. Yureya akamwazidwa pamwamba pa nthaka osakwiriridwa, makamaka pa dzuwa lotentha, nayitirojeni wake wina amauluka ngati mpweya. Ngati gawo limodzi mwa magawo atatu litatayika motere, kilogalamu yofika ku chimanga imakhala itagulidwa pa K9,000, ndipo Kani amakhala wapambana. Yureya ayenera kuthiridwa m'kadzenje pambali pa phando, pa nthaka yonyowa, ndi kukwiriridwa nthawi yomweyo. Chimanga chosowa nayitirojeni chimadziwika ndi masamba am'munsi achikasu, kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati.

Malire achiwiri ndi akuti oyerekezedwa ayenera kukhala mafeteleza a ntchito imodzi. Feteleza wokulitsa wolembedwa 23:21:0+4S ali ndi makilogalamu 11 ndi theka okha a nayitirojeni m'thumba, koma alinso ndi fosifeti wolimbitsa mizu ndi salufa, zimene mu Yureya mulibe. Kusiya wokulitsa chifukwa Yureya waoneka wotsika mtengo ndi kulakwitsa kwakukulu. Ndiponso masamu onsewa adalira kuti thumba likukwanadi makilogalamu 50, choncho liyenera kuikidwa pa sikelo ndalama zisanaperekedwe.

Alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi onse ogwira ntchito m'Boma asakhutire ndi kuuza anthu kuti agule feteleza. Pa msonkhano uliwonse wa kalabu ya alimi, atenge mitengo ya tsikulo, ailembe pa bolodi ndi kuigawa pamaso pa onse, kufikira mlimi aliyense atatha kuwerengera yekha asanatulutse ndalama m'thumba mwake.