ZA M'BANJA MWATHU: Msonkhe wa Matenda Ukachokera Kutali

Chaka chatha azakhali athu a ku Kabwata anadwala matenda ofuna opareshoni. Uthenga utafika kwa ana awo a ku Manchester ndi ku Johannesburg, aliyense anathamanga kukatumiza ndalama. Wina anatumizira mlongo wake wa ku Chelstone, wina msuweni amene anali kudwazika, winanso odwala eni ake. Patapita sabata palibe anadziwa kuti zonse pamodzi zakwana zingati, ndipo zina zinali zitalowa kale mu lendi ndi ufa. Palibe anaba, koma abale anayamba kukayikirana, odwala ali chigonere. Tinakhala pansi ndi kuyambiranso, ndipo zimene tinaphunzira ndi izi.

Choyamba, musapemphe ndalama musanaone pepala. Funsani ngati wodwala ali mu NHIMA, inshuwalansi ya boma imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018, chifukwa mwina mbali ina ya mtengo ilipiridwa kumeneko. Funsaninso ngati chithandizocho chingapezeke msanga ku UTH kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Ife tinaona kuti kudikira kungawononge, motero tinapita ku chipatala china cholipira cha ku Woodlands, ndipo anatilembera mtengo wa K50,000. Pepala lotere lionetse ndalama ya dokotala, ya bedi ndi yoyamba kulipira. Lijambuleni, aliyense wosonkha alione, koma muyambe mwapempha chilolezo kwa wodwala musanaulutse dzina la matenda ake.

Pa mtengo wolembedwawo tinawonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu, K10,000, chifukwa mankhwala a kunyumba, galimoto yopita kukaonedwanso ndi chakudya cha wodwazika sizilembedwa pa pepala la chipatala. Msonkhe wonse unakhala K60,000, ndipo tinaugawa m'magawo 12 a K5,000. Namwino wa ku Manchester anatenga magawo anayi, abale awiri a ku Johannesburg awiriawiri, ndipo anayi otsala tinagawana ife a mu Lusaka. Ichi nchofunika. A kunyumba akangopinda manja, a kunja amadziona ngati nkhokwe yongotapamo. Akaona kuti nafenso tasenza, mtima umakhala pansi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Malonjezo onse akhale m'makwacha, osati m'mapaundi kapena m'marandi. Chipatala chimawerenga kwacha, ndipo mtengo wosinthira sukhazikika. Mu 2025 kwacha inalimba, kotero kuti ndalama yakunja yomweyo inabala makwacha ochepa kusiyana ndi kumayambiriro kwa chaka. Wolonjeza K10,000 aonetsetse kuti imene yafika ndi K10,000. Makampani monga Mukuru, WorldRemit ndi Western Union amaonetsa ndalama imene wolandira adzatenga. Yerekezani nambala imeneyo, chifukwa wodula pang'ono potumiza angathe kukudyerani pa mtengo wosinthira. Okhala m'dziko limodzi aphatikize ndalama zawo ndi kutumiza kamodzi.

Tsopano pali nkhani imene imagawanitsa mabanja: ndani asunge thumba? Asakhale wodwazika. Iye ali ndi tulo, ali ndi chisoni, ndipo aliyense wobwera kudzazonda amamulirira mavuto. Ife tinasankha amalume a ku Kabulonga kukhala msungichuma, ndipo mphwathu wa ku Johannesburg anakhala mlembi. Ndalama zinalowa pa akaunti imodzi ya kubanki, popeza Airtel Money ndi MTN MoMo zili ndi malire a ndalama zosunga ndi zotumiza pa tsiku. Amalume anali kulipira ku chipatala okha ndi kutenga risiti. Wodwazika anali kulandira K1,000 pa lamya ya zofunika zazing'ono, ndipo ikatha anali kulemba m'mene yayendera asanalandire ina.

Madzulo alionse mlembi anali kulemba pa WhatsApp mizere itatu: zalowa, zatuluka, zatsala. Chizindikiro chakuti zinthu zayamba kupotoka nchosavuta kuona: risiti ikuchedwa, kapena pabwera uthenga wakuti nambala yasintha, tumizani kwina. Uthenga wotere musaukhulupirire kufikira mutamva mawu a msungichuma ndi khutu lanu.

Pomaliza, msonkhe ukhale ndi tsiku lotsekera, ndipo mugwirizane pachiyambi za ndalama zotsala, ngakhale za tsiku loipa limene sitifuna kulitchula. Ife tinapangana kuti zotsala zigule mankhwala, ndipo ngati Mulungu awatenga zithandize pa maliro. Azakhali anatuluka m'chipatala patatsala K4,300. Mlembi anatumiza chiwerengero chonse kwa aliyense, ndipo gulu linatsekedwa.

Lero azakhali akuyenda okha kupita ku msika wa Kabwata, ndipo ana awo akulankhulana. Tionana mwezi wamawa.